Kudziwana ndi anthu kumatulutsa mipando, koma sikuibweza

Munthu akalandira ndalama za penshoni, kapena akabwera kuchokera ku Joni ali ndi kangachepe m'thumba, abale ndi anzake sachedwa kumupatsa nzeru. Imodzi mwa nzeru zomwe zimamveka kawirikawiri ndi iyi: "Inu mumadziwana ndi anthu ambiri. Bwanji osagula matenti, mipando ndi zokuzira mawu n'kumabwereketsa? Maukwati satha, maliro satha." Onena zimenezi sakunama. Loweruka kapena Lamulungu lililonse la m'chilimwe, ku Area 25, ku Chilomoni, ku Chibavi ngakhale m'matauni aang'ono ngati Mponela ndi Luchenza, pamakhala chinkhoswe, ukwati, kuvundukula chiliza kapena Pepa Sande, ndipo paliponse pamafunika mthunzi, pokhala ndi chimkuzamawu. Msika ulipo ndithu.

Chomwe ndikutsutsa ndi gawo loyamba la nzeruyo, loti kudziwana ndi anthu ambiri ndiko kumamuyenereza munthu kuchita bizinesi imeneyi. Maganizo anga ndi akuti kudziwana ndi anthu kumathandiza kuti katundu atuluke pakhomo, koma pa nkhani yoti ndalama ilowe komanso katunduyo abwerere ali wokwanira, kudziwana komweko ndiko kumasanduka mdani. Bizinesi iyi imamuyenera munthu wa maubale ambiri pokhapokha ngati ali ndi mtima wotha kuuza amalume ake enieni kuti, "Amalume, lole inyamuka mukamaliza kulipira." Ngati mawu amenewa sangatuluke m'kamwa mwake, ndi bwino ndalama zakezo aziike kwina.

Phindu la kudziwika ndi lenileni, ndipo sindikulichepetsa. Tsiku la ukwati silibwerezedwa. Ngati wa matenti sanafike Lachisanu madzulo, palibe choti n'kudzakonza Lolemba, manyazi agwa basi. N'chifukwa chake komiti ya ukwati ikakhala pansi sifunsa kuti wotchipa ndani m'tauni muno, imafunsa kuti, "Ndani akudziwa munthu wa matenti wodalirika?" Dzina limene latchulidwa pamenepo ndilo limatenga ntchito. Munthu amene amaimba kwaya, amapezeka m'maliro, anagwirapo ntchito kusukulu kapena kuchipatala zaka zambiri, dzina lake limatchulidwa m'makomiti ambiri popanda kulipira ndalama yotsatsira malonda. Mlendo amene wangobwera m'dera amatha chaka chathunthu mipando ili m'nyumba, akudikira kuti wina amuyese.

Koma munthu yemweyo amene watchula dzina lanu mu komiti amapitiriza kunena kuti, "Ndi alamu anga amenewo, atichotserako." Mtengo umatsika musanafunsidwe n'komwe. Akakuimbirani, mawu ake sakhala a wogula. Amati, "Achimwene, mutithandizeko Loweruka, ndife omwe." Ndipo inu, podziwa kuti mawa mudzakumana nawo kutchalitchi, mumavomera.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa bizinesi iyi imaoneka yokoma mpaka utagwira cholembera. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho manambala awa ndi ongoyerekezera; aliyense aikepo mitengo ya kwawo, koma kawerengedwe kake n'komweka. Tinene kuti mwagula mipando ya pulasitiki 200 pa K15,000 umodzi. Mwalowetsa K3,000,000. Mukubwereketsa pa K300 mpando umodzi patsiku, ndiye kuti yonse ikatuluka mumayembekeza K60,000. Mpando uliwonse uyenera kutuluka maulendo 50 olipiridwa mokwanira kuti ungobweza mtengo wake. Apa pali chinthu chimene ambiri saganizira: katundu ameneyu amagwira ntchito makamaka Loweruka, nthawi zina Lamulungu, ndipo zochitika zimachuluka kuyambira Meyi mpaka Novembala ndi masiku a Khirisimasi. Kuyambira Januwale mpaka Marichi, mvula ili mkati ndipo ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, mafoni amakhala zii. Ngati mipando yatuluka maulendo 30 pachaka, chaka chimenecho chayenda bwino.

Tsopano tiyike munthu wathu wodziwika uja pa maulendo 30 amenewa. Maulendo 8 ndi a maliro a m'dera, a mpingo ndi a abale, omwe sangatchule ndalama. Maulendo ena 8 ndi a anzake, omwe alipira theka, zonse pamodzi K240,000. Otsala 14 ndi a mtengo wonse, koma atatu mwa iwo adati adzalipira pambuyo ndipo mpaka lero sanabwere, choncho zalowa K660,000. Chaka chonse wapeza K900,000. Ndiye tinene kuti ulendo uliwonse mipando iwiri imathyoka kapena kusowa, zomwe aliyense wobwereketsa mipando angakuuzeni kuti si zachilendo. Pachaka imeneyo ndi mipando 60, ndipo kuigulanso pa K15,000 ndi K900,000. Popeza obwerekawo ndi anthu ake, palibe amene anauzidwa kuti alipire mpando wothyoka. Munthuyu wagwira ntchito chaka chathunthu, watsuka mipando, wadzuka mbandakucha, dera lonse likumutama kuti bizinesi ikuyenda, koma m'thumba mulibe kanthu.

Mnzake wosadziwika uja mwina watulutsa mipando maulendo 18 okha. Koma onse analipira mtengo wonse asananyamule, ndipo anasiya dipoziti yomwe anadulapo mipando yothyoka. Iyeyu watseka chaka ndi K1,080,000, mipando yake idakali 200, ndiponso yatha pang'ono chifukwa yayenda maulendo ochepa. Kuchuluka kwa maoda sikunamupindulire woyamba uja, ndipo chomwe chawasiyanitsa awiriwa si mtundu wa mipando kapena mtengo wake, koma amene ankaimba foni.

Kusowa kwa mipando kumafunika kukumvetsa bwino, chifukwa nthawi zambiri sikukhala kuba kochita kukonza. Pa ukwati waukulu pamakhala mipando yochokera kwa anthu awiri kapena atatu, kuphatikiza ya tchalitchi ndi ya anansi, yonse yoyera yofanana. Madzulo, anthu atatopa, anyamata amangolongedza yomwe ili pafupi. Ina imatengedwa kupita kumene amayi akuphika, ina kunyumba kumene kwagona alendo, ndipo imakhalira komweko. Yothyoka imabisidwa pakati pa mulu kuti chiwerengero chikwane. Mankhwala ake ndi odziwika: chizindikiro chanu chikhale pamsana pa mpando, poonekera patali, ndipo china chiotchedwe ndi chitsulo chamoto pansi pake, chifukwa penti amapalidwa. Powerenga, sanjani mipando khumi khumi, muwerenge pamodzi ndi munthu mmodzi wa komiti potsitsa, asaine, ndipo munthu yemweyo adzakhalepo pokweza. Pokweza muyang'ane miyendo yakumbuyo ndi pamene mkono umakumana ndi msana, chifukwa ndi pomwe mpando wa pulasitiki umayambira kung'ambika, makamaka ukakhalitsa padzuwa n'kuyamba kutuwa.

Palibe chovuta pa ndondomeko imeneyi. Chovuta n'chakuti kwa munthu wodziwana nanu, kuwerenga kumaoneka ngati kumukayikira. "Mpaka kuwerenga, bwana? Ife tingakubereni?" Wobwereketsa wamanyazi amaseka n'kusiya, ndipo mipando iwiri ija imapita pamenepo.

Nkhani ya kalipiridwe ndiyo imapha ambiri. Pa maukwati athu, ndalama yambiri imayembekezeka kuchokera ku perekaniperekani, ndipo makomiti ambiri amakonza bajeti ngati kuti ndalamayo ili kale m'manja. Ndiye amakuuzani kuti, "Tikupatsani theka lero, yotsalayo tikuonani perekaniperekani akatha." Mawu amenewa amamveka abwino, koma taganizani amene ali pamzere usiku umenewo. Wa holo adalipidwa kale chifukwa sakanatsekula chitseko. Wa keke adalipidwa kale chifukwa sakanabweretsa. Wojambula agwira zithunzi mpaka atalandira zake. Amene alibe chogwira ndi inu, chifukwa mthunzi anthu akhalamo kale ndipo nyimbo avina kale. Lolemba komiti imabalalika, gulu la pa WhatsApp limangoti zii, wapampando akuti funsani msungichuma, msungichuma akuti ndalama zonse zidaperekedwa kwa eni ukwati, ndipo eni ukwati ndi mwana wa mnzanu amene simungamulondole m'sabata yoyamba ya banja lake.

Ndondomeko imene imateteza bizinesi ndi yoti tsiku lisungidwe pokhapokha theka la ndalama litalowa, yotsala ilowe lole isananyamuke, ndipo pamwamba pake pakhale dipoziti ya zowonongeka yomwe imabwezedwa katundu akabwerera bwino. Mtengo wa thiransipoti ulembedwe pawokha, chifukwa mtengo wa mafuta ukasintha kapena mafuta akasowa, wa lole sakumverani chisoni. Pepala la mgwirizano lisainidwe ndi munthu mmodzi wa dzina ndi nambala, osati "komiti", popeza komiti ilibe nyumba yoti mukagogode. Kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kumathandiza chifukwa pamatsala umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake, ndipo mkangano woti "tidakupatsani pamanja" sukhalapo. Mlendo amatsata zonsezi mosavuta, palibe amene amamuona ngati wankhanza. Wodziwika akatsata zomwezi amamva kuti ndalama zamusintha. Funso loti bizinesi iyi ikumuyenera kapena ayi lagona pa kupirira mawu amenewo.

Tsopano za maliro, pamene nkhaniyi imafika povuta kwenikweni, ndipo sindikufuna kuilankhula mopepuka. Kwathu kuno maliro si bizinesi, ndi udindo wa mudzi wonse. Amene ali ndi galimoto amanyamula, amene ali ndi ufa amapereka, ndipo amene ali ndi tenti ndi mipando sangaitsekere m'nyumba anansi ake akukhala padzuwa. Sindingalangize munthu kuti akatchule mtengo kwa namfedwa wa nyumba yoyandikana naye. Kutero n'kulakwa, ndipo ngakhale pa nkhani ya malonda n'kudzipha, chifukwa amfumu ndi anthu a m'dera saiwala. Koma munthu wodziwana ndi anthu ambiri ali ndi maliro ambiri omukhudza: a kumpingo, a kuntchito kwakale, a kuchimuna, a kuchikazi, a m'dera. Wina amakhudzidwa ndi maliro awiri kapena atatu pachaka, iyeyu pafupifupi mwezi uliwonse.

Ndipo maliro amawononga katundu kuposa ukwati. Ukwati ndi tsiku limodzi, pomwe maliro amatenga masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira ngati akudikira achibale akutali. Usiku pa siwa azibambo amakokera mipando pafupi ndi moto, pulasitiki imafewa, miyendo imapindika. Palibe komiti yomwe idakonzekera miyezi itatu, palibe wowerenga, ndipo palibe amene angalimbe mtima kufunsa banja lolira za mipando isanu yosowa. Chinanso, imfa sipangana tsiku. Maliro a m'bale wa mkulu wa mpingo akhoza kugwa Lachinayi, kuika m'manda Loweruka, tsiku lomwelo limene tenti yanu idalipiridwa kale ndi anthu a ukwati. Mukaipereka kumaliro mwaphwanya pangano ndi amene adalipira, mukaikana mwadana ndi mpingo.

Njira imene ndikuiona kuti ndi yolungama kwa onse ndi yopatula katundu wa maliro kuyambira pachiyambi. Mipando 40 kapena 50, yomwe yayamba kutuwa koma ndi yolimba, pamodzi ndi tenti imodzi yaing'ono, zikhale za anthu a m'dera ndi abale pa nthawi ya zovuta, mwaulere. Ofedwa kapena owathandiza apeze okha chonyamulira, ndipo munthu mmodzi, kaya wa kwa amfumu kaya wa komiti ya mpingo, alandire ndi kudzabweza powerenga. Lamuloli linenedwe poyera kwa amfumu ndi kumpingo pasanagwe maliro aliwonse, kuti tsiku la zovuta pasakhale kukambirana. Akafuna zoposa pamenepo, monga matenti atatu ndi zokuzira mawu, zimenezo ndi za hayala, ndipo kawirikawiri pa maliro otero pamakhala kampani, bungwe kapena achibale opeza bwino amene akulipira bokosi ndi chakudya. Amenewo angathe kulipiranso tenti. Potero mwakwaniritsa udindo wanu, mukudziwa kukula kwake, ndipo katundu wa maukwati sakhudzidwa.

Pa katundu mitundu itatuyi, zokuzira mawu ndizo zimakopa anthu kwambiri, chifukwa ulendo umodzi umabweretsa ndalama yoposa ya mipando yambiri. Ndizonso zimene ndingamuletse munthu wodziwika kuyamba nazo. Mpando ukathyoka mwataya mpando umodzi, koma ampulifaya, chipangizo chopatsa masipika mphamvu, ikapsa ntchito yonse yaima, ndipo zokonzera zake zimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi chipangizo chakufa adaona mtengo wochikonzera ukuthawa pomwe mtengo wa hayala sukanakwera mofanana.

Zomwe zimapha zipangizozi n'zodziwika, ndipo pafupifupi zonse zimachokera kwa munthu amene akuzigwira. Choyamba ndi magetsi. A ESCOM akathima, anthu amathamangira jenereta iliyonse yomwe yapezeka, n'kulumikizako firiji ya zakumwa ndi ketulo. Firiji ikamayaka ndi kuzima, mphamvu ya magetsi imatsika ndi kukwera, ndipo ampulifaya ndi mikisa ndizo zimalandira nkhonyazo. Jenereta ikamatha mafuta imayamba kutsokomola, magetsi n'kumadumphadumpha, ndipo mphindi imeneyo ndiyo yoopsa kwambiri; wodziwa ntchito amayang'ana mafuta nthawi isanakwane ndipo amazimitsa ampulifaya asanazimitse jenereta. Poyatsa, ampulifaya iyenera kukhala yomalizira, pozimitsa ikhale yoyamba, apo ayi kugunda kumene kumamveka m'masipika kumawononga pang'onopang'ono. Kenako pali kukweza mopitirira. Pa ampulifaya pali kanyali kofiira kamene kamayaka mawu akafika polekezera mphamvu yake. Kakamangoyaka nthawi ya perekaniperekani, mtsogoleri wa mwambo akukuwa ndipo anthu akuti "kwezani", mawu amayamba kusasa, ndipo timasipika tating'ono ta mawu okwera ndito timayamba kupsa. Mawa lake sipika imangomveka ngati yatsekedwa ndi bulangete. Palinso chizolowezi cholumikiza masipika ambiri ku mbali imodzi ya ampulifaya. Sipika ili ndi muyeso wotchedwa omu, ndipo nambala yake ikamatsika ampulifaya imalemedwa kwambiri. Masipika awiri a ma omu 8 akalumikizidwa pamodzi amatsikira pa ma omu 4, omwe maampulifaya ambiri amapirira, koma anayi amafika pa ma omu 2, ndipo ampulifaya yomwe sidapangidwire zimenezo imatentha, kudzizimitsa pakati pa nyimbo, kapena kupsa kumene.

Chifukwa cha zimenezi, zokuzira mawu siziyenera kutuluka popanda munthu wanu wozigwira, jenereta yanu yomwe salumikizako china chilichonse, ndi malipiro a munthuyo ali mkati mwa mtengo. Apa ndi pamene kudziwana kumavulaza koposa. Mlendo sangapemphe kuti mumupatse masipika akayendetse yekha. Koma mnzanu amati, "Musavutike kutumiza mnyamata wanu, mphwanga amadziwa zimenezi." Abusa amati achinyamata a kumpingo adzayendetsa okha pa mapemphero a usiku wonse. Katundu akabwera atapsa, yankho limakhala loti, "Zinangozima zokha," ndipo simungatsimikize kanthu chifukwa panalibe diso lanu. Amene akufuna kulowa mbali imeneyi adziwenso kuti kuimba nyimbo za oimba ena pagulu mwamalonda kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo imeneyo ndi ndalama yoti ilowe m'mawerengero.

Tenti ili pakati. Siwonongeka msanga ngati ampulifaya, koma imafuna anthu odziwa kuimika. Tenti ya mamita 5 m'lifupi ndi 10 m'litali imakwana anthu pafupifupi 70 pa mipando yokha yondanditsa, koma mukaikamo matebulo chiwerengero chimatsikira cha m'ma 40, ndipo mkangano wambiri ndi makasitomala umayambira posawafotokozera zimenezi. Adani ake ndi mphepo ndi madzi. Mu Seputembala ndi Okutobala kamvuluvulu amatha kunyamula tenti yomwe zikhomo zake sizidakhomedwe mozama, kupinda mapaipi ndi kuvulaza anthu. Nthawi ya mvula, denga losakokedwa bwino limasunga madzi n'kutuluka mimba mpaka kung'ambika pa msoko. Ndipo tenti yopindidwa ili yonyowa imachita chuku m'masiku ochepa, madontho akuda omwe satha, kotero kuti siyeneranso ukwati. Mnzanu amene wakuuzani kuti "tidzatsitsa tokha, musadandaule" ndiye adzaipinde ili ndi mame a m'mawa n'kuisunga masiku atatu asanabweze.

Pali mtundu wina wa kudziwana umene anthu amausirira kwambiri: kudziwana ndi akuluakulu a ndale ndi a m'maofesi. Zoona, msonkhano umodzi wa chipani kapena mwambo wa boma umatha kutenga katundu wanu yense ndi wa anzanu. Koma nthawi ya kampeni imabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo wolonjeza kulipira chisankho chikatha akhoza kugwa, foni yake n'kusiya kupezeka. Komanso anthu amakupakani mtundu wa chipanicho. Boma lidasintha mu 2020, lidasinthanso mu 2025, ndipo amene bizinesi yake idatsamira pa mbali imodzi amaona maoda akuuma tsiku limodzi. Maofesi nawo amafuna bizinesi yolembetsedwa, makoteshoni ndi mapepala a msonkho, ndipo malipiro amadutsa m'manja ambiri asanatuluke. Pamene mukudikira, anyamata anu ndi wa lole adalipidwa kale kuchokera m'thumba mwanu. Amene adakali pa ntchito ya boma asamale koposa: kupereka oda ya ofesi yako ku bizinesi yako kapena ya mkazi wako mobisa ndi nkhani yomwe imatha kufika ku ACB. Kudziwana kotereku ndi kowonjezera chabe, sikoyenera kukhala maziko ogulira katundu, makamaka ndi ndalama ya ngongole. Mu 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19, matenti ambiri adakhala m'nyumba miyezi, koma chiwongoladzanja cha ku banki ndi cha banki m'khonde sichidaime.

Kudziwana komwe kumapindulitsa m'bizinesi iyi ndi kwa anthu ena, omwe sakhala pa mipando yakutsogolo. Ndi amayi okongoletsa malo a ukwati, amene Loweruka lililonse amafuna mipando yoyera bwino ndi tenti yopanda madontho. Ndi atsogoleri a mwambo, ophika, oyang'anira maholo ndi minda yochitiramo maukwati, eni malole, ndi anzanu obwereketsa omwe mungabwerekane katundu oda ikakula. M'bale wanu amakwatitsa mwana kamodzi pa zaka zingapo ndipo amayembekeza kuchotseredwa. Wokongoletsa amabwera maulendo makumi awiri pachaka, amamvetsa dipoziti chifukwa nayenso amaitenga kwa makasitomala ake, ndipo mukamuchotserako mumadziwa kuti mukugula maoda a chaka chonse. Munthu wodziwika amene angagwiritse ntchito dzina lake kufikira anthu amenewa, ameneyo bizinesi ikumuyenera.

Ena amati vutoli limatha ukaika munthu wina patsogolo, kaya mkazi, mwana wamkulu kapena wolembedwa ntchito, kuti iwe uzingoti, "Za mitengo lankhulani ndi mayi a kunyumba, buku lili ndi iwo." Njirayi imathandiza ndithu, chifukwa imachotsa manyazi pakati pa iwe ndi mnzako, ndipo mtengo wolembedwa pa pepala umaoneka ngati lamulo osati maganizo a munthu. Koma imagwira ntchito pokhapokha mwini wake asamaphwanye zomwe wa bukuyo wanena. Anthu akangodziwa kuti ukakanidwa ndi mayi ukhoza kuimbira bambo usiku n'kupatsidwa, buku lija latha mphamvu, ndipo m'nyumba mwalowa mkangano wina.

Kwa amene akuganizabe zolowamo, pali njira yodziyesera asanataye mamiliyoni. Kwa chilimwe chimodzi, asagule kanthu. Agwirizane ndi wobwereketsa amene alipo kale kuti azimupezera maoda n'kumalandirapo gawo, iye n'kumayang'anira kutumiza, kuwerenga ndi kutolera ndalama. Popeza katunduyo ndi wa mwini, adzakakamizika kufunsa dipoziti kwa aliyense, ngakhale kwa alamu ake, ndipo adzaona ndi maso kuti mwa anthu onse odziwana nawo ndi angati amene amatulutsa ndalama tsiku lisanafike. Alembe m'kope oda iliyonse: anaimba ndani, analipira zingati, liti, ndipo panasowa chiyani. Pofika Novembala, ngati maoda olipiridwa mokwanira ndi pa nthawi yake afika khumi ndi asanu kapena kupitirira, agule mipando 100 kapena 200 ndi tenti imodzi, zokuzira mawu azibwereka kwa wodziwa ntchitoyo mpaka atapeza mnyamata wake womudalira. Ngati ambiri mwa amene anaimba adabwerera atangomva za dipoziti, ndiye kuti amenewo ndi omwe akanadzatenga katundu wake ulere, ndipo penshoni yake idakali ku banki.